Magetsi a sola a pamsika wathu kuno ku Dedza: momwe ntchito yayendera kuyambira Meyi kufika Julayi

Sabata yoyamba ya Meyi

Kalembera wa zipangizo watha. Ife a komiti ya ntchito tinayenda shopu ndi shopu, benchi ndi benchi, kulemba chilichonse chimene mwini wake akufuna kuti chiziyaka, mawati ake, ndi maola amene chimayaka pa tsiku. Mawati tinkawerenga pa kapepala kamene kamamatidwa kumbuyo kwa chipangizo. Za pakamwa sitinalembe, chifukwa munthu ukamufunsa kuti filiji yake imadya zingati amayankha kuti "pang'ono chabe".

Olembetsa ndi 24. Aliyense akufuna mababu awiri a mawati 5 kwa maola asanu, ndipo onse pamodzi akudya yunitsi imodzi ndi pang'ono, 1.2. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola lathunthu. Mababu 6 achitetezo a mawati 10 oyaka usiku wonse akudya 0.66. Malo awiri otchajira mafoni 0.8, mababashopu awiri 0.3, wa fotokope 0.5. Zonsezi n'zazing'ono. Akuluakulu pakudya ndi awiri: mafiliji atatu, iliyonse mayunitsi 1.2 pa tsiku, onse 3.6, ndi mavidiyo sho awiri amene aliyense amayatsa kanema, dikoda ndi sipika za mawati 150 kwa maola 8, onse 2.4. Tikaphatikiza tikupeza mayunitsi 9.5 pa tsiku. Taonjezerapo gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa magetsi akangoyaka anthu amagula zipangizo zimene lero sakuzitchula, ndiye tikuwerengera mayunitsi 12.

Wowotcherera zitsulo ndi mwini chigayo nawonso anafuna kulembetsa. Sitinawalembe, ndipo sanasangalale.

Sabata yachiwiri ya Meyi

Tagawa mayunitsi aja pawiri, a masana ndi a usiku. Nambala ya usikuyo ndiyo imene mtengo wa ntchito yonse ukutsamira, ndipo a Tcheyamani a VDC tawapempha kuti aimvetsetse bwino asanakaime pamaso pa komiti ya msika.

Chimene chayaka dzuwa lili kumwamba chimatenga moto wake ku mapanelo mwachindunji. Chimene chayaka dzuwa litalowa chimadya zimene zasungidwa m'batire, ndipo batire ndilo lodula kuposa china chilichonse pa ntchitoyi, ndilonso limene limayamba kufa. Mababu onse ndi a usiku, theka la mafiliji ndi la usiku, theka la mavidiyo sho ndi la madzulo. Zimenezi zikukwana mayunitsi 4.9, ndipo ndi kuonjezera kuja zikufika pa 6. Inveta nayo imadya yokha ngakhale pasakhale choyaka, mwina mawati 50 usiku wonse, komanso imataya pafupifupi gawo limodzi mwa khumi posandutsa moto wa batire kukhala wa m'mashopu. Choncho batire liyenera kutulutsa mayunitsi 7.5 usiku uliwonse.

Batire limodzi la lithiyamu la mavoliti 51.2 ndi maampu 100 limasunga mayunitsi 5.1. Sitilikhuthula lonse, timasiya gawo limodzi mwa asanu. Awiri angatipatse 8.2, zimene zikukwana usiku umodzi koma popanda chotsala. Atatu angatipatse 12.3. Tasankha atatu chifukwa cha nyengo ya kuno: mu Juni ndi Julayi nkhungu imatha kuphimba phiri mpaka cha m'ma 10 koloko m'mawa, mafiliji akudyabe batire, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale mvula ya mvumbi imatha masiku angapo dzuwa osaoneka bwino.

Mapanelo tawerengera maola 4 okha a dzuwa lamphamvu pa tsiku, ngakhale kuti mu Okutobala amaposa pamenepo. Pa moto umene panelo lalembedwa, timayembekeza magawo 7 mwa 10, ena amatayika ndi fumbi, kutentha, mawaya ndi kutchaja. Mapanelo 8 a mawati 550 angatulutse mayunitsi 12.3, ndendende zimene msika ukudya, osasiya kanthu kodzazira batire tsiku lotsatira mitambo. Mapanelo 10 angatulutse 15.4. Talemba 10, ndi inveta ya mawati 5,000.

Sabata yachinayi ya Meyi, tsiku la msonkhano

Komiti ya msika inakumana Lachitatu masana, tsiku losakhala la msika. Analipo mamembala 11, a Gulupu ndi nyakwawa ziwiri. Nkhani inali yakuti ndalama zimene amalonda akhala akusonkha m'thumba la chitukuko cha msika zipite ku magetsi kapena ku shedi ya ogulitsa kachewere ndi kabichi. Mawu a a Tcheyamani tawalemba motalikirapo chifukwa adzafunikanso popita ku ADC.

Atapereka ulemu kwa a Gulupu ndi mafumu, sanayambe ndi ubwino wa magetsi. Anaika patebulo zigubu ziwiri za malita asanu zopanda kanthu.

"A komiti, zigubu izi ndabwereka kwa anyamata a vidiyo sho. Jenereta ya aliyense imamwa lita imodzi pa maola awiri. Maola 8, malita anayi. Awiriwo, malita 8 pa tsiku, malita 240 pa mwezi. Petulo ameneyu akubwera pa kabaza, mtengo wake mukuudziwa kuposa ine. Ndipo chimene akuyatsa ndi kanema ndi sipika basi, moto wosaposa wa mababu awiri akale aja. Jenereta imamwa ngakhale mwaisenzetsa katundu wopepuka. Ndalama ya magetsi pamsika uno ikutuluka kale, amayi ndi abambo. Ikutuluka mu petulo, m'makandulo, m'mabatire a tochi, ndi m'mabatire a galimoto amene ana athu amanyamula panjinga kukatchajitsa. Ine sindikupempha ndalama yatsopano. Ndikupempha kuti imene ikutulukayo tiikhotetse."

Kenako ananena zimene ambiri sankayembekezera kumva kwa munthu wopempha ndalama.

"Ndinene zimene magetsi awa sadzachita, kuti mawa musadzanditchule wabodza. Chigayo sichidzayenda. Makina owotcherera sadzayenda, chifukwa akangogunditsa ndodo pachitsulo amakoka moto wofanana ndi inveta yathu yonse, ndipo msika wonse ungathime. Simbi yamagetsi ayi, ketulo ayi, mbaula yamagetsi ayi. Ketulo imodzi imakoka mawati 2,000, pamene mababu onse 48 a m'mashopu akukoka 240. Amene akufuna kusita azisita ndi makala monga kale."

A Msungichuma, mayi amene amagulitsa zakumwa ndipo ali ndi filiji imodzi mwa zitatu zija, anafunsa funso limene aliyense anali nalo. Anati masola aonapo ambiri, pa zipatala, pa masukulu, m'nyumba za anthu, ndipo ambiri amayaka zaka ziwiri kenako amasanduka pogona nkhunda. Awa adzasiyana pati?

Apa ndi pamene panagona mutu wa zokamba zawo, ndipo anakonzekera.

"Mayi, mwanena zoona. Koma mukapita pa masola akufawo, kayezeni mapanelo. Mudzapeza kuti ambiri akutulutsabe moto. Chimene chinafa ndi batire, ndipo pa tsiku limene linafa panalibe amene anasunga ndalama yogulira lina. Amene anapereka anapita, amene analandira ankayesa kuti dzuwa ndi laulere. Dzuwa ndi laulere inde, koma kulisunga kuti lidzayake usiku n'kolipira. Nditchule masamu amene mungawayese nokha. Batire la lithiyamu tikulisamala tikuliwerengera zaka 8, miyezi 96. Pa K1,000,000 iliyonse ya mtengo wake, tiyenera kusunga K10,400 mwezi uliwonse. Msika uno udzagula mayunitsi 285 pa mwezi. Ndiye kuti pa yunitsi iliyonse, K37 ndi ya batire, pa miliyoni iliyonse. Kotesheni ikabwera, werengani mamiliyoni ake, chulukitsani ndi 37, mwapeza ndalama imene siyenera kukhudzidwa ndi munthu aliyense, ngakhale ine, ngakhale pagwe maliro. Walira mvula walira matope. Ngati komiti ino sikufuna mita pa shopu iliyonse ndi akaunti ya batire yosakhudzidwa, ndikupemphani mukane lero, timange shedi. Shedi sidzatichititsa manyazi."

Mmodzi wa mamembala anati bwanji osagula mabatire a asidi, amene ndi otsika mtengo ndipo amapezeka paliponse. A Tcheyamani anatipatsa ife a komiti ya ntchito kuti tiyankhe. Batire la asidi limafuna kuti musalikhuthule kupitirira theka, ndiye kuti kuti tipeze mayunitsi 9.6 tiyenera kugula 8 a mavoliti 12 ndi maampu 200. Limafunanso kudzaza mpaka pakamwa kawirikawiri. Likakhala masiku angapo osadzaza, monga mmene zimakhalira nthawi ya nkhungu, mbale zake zam'kati zimagwira mchere woyera umene suchokanso, ndipo mphamvu yake imatsika osabwerera. Chizindikiro chake chimapusitsa anthu: batire limaonetsa kuti ladzaza msanga, 10 koloko m'mawa, koma pofika 8 koloko usiku lathima. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ngati ya msika tikuliwerengera miyezi 30. Pa miliyoni iliyonse, imeneyo ndi K117 pa yunitsi m'malo mwa K37. Kuti a asidi afanane ndi a lithiyamu, mtengo wawo uyenera kukhala wochepera gawo limodzi mwa atatu a mtengo wa a lithiyamu, ndipo apo sitinawerengere thiransipoti ndi amisiri obwera katatu.

Funso lachiwiri linachokera kwa nyakwawa imodzi. Inati magetsi a Escom akhoza kufika kudzera mu Marep, ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, nanga ndalama yathu sidzakhala yotayika? Inatinso ku Golomoti kuli masola aakulu, bwanji osangopempha kumeneko.

A Tcheyamani anayankha mwaulemu kuti masola a ku Golomoti, a mamegawati 20, amathira moto wawo mu mzere wa dziko lonse, ndipo sagulitsa kwa msika umodzi. Pa za Marep anati pempho lathu likhalebe momwe lilili, palibe amene akulichotsa. "Koma mfumu, magetsi athu adzakhala a mavoliti 230, ofanana ndi a Escom. Tikaika mawaya a m'mashopu motsata malamulo, ndi mmisiri wa chiphaso, tsiku limene Escom idzafike filiji ndi yomweyo, soketi ndi yomweyo. Ndipo mapanelo ndi mabatire sazika mizu, tingathe kuwasamutsira pena." Anatchulanso Mthembanji, m'boma lomwe lino, kumene kuyambira 2020 masola a makilowati 12 akupereka magetsi kwa makasitomala pafupifupi 60 amene amalipiriratu, ntchito imene anaiyambitsa a United Purpose ndi yunivesite ya Strathclyde. Anati athu ndi ochepera theka la amenewo, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti ife tilibe bungwe kumbuyo kwathu, choncho mwambo wa ndalama uyenera kukhala wathu.

Chimene chinatenga nthawi yaitali kwambiri ndi funso la amayi ogulitsa pansi. Iwo amasonkha m'thumba lomwelo, alibe shopu, alibe soketi, ndipo shedi ndi imene ikanawathandiza mwachindunji. Tinene poyera kuti funso ili ndi lolungama, ndipo pa kukonzekera kwathu tinalipeputsa. A Tcheyamani anayamba kunena za mababu achitetezo, koma anthu sanakhutire, chifukwa kachewere sagulitsidwa pakati pa usiku. Anasiya zimene anakonza n'kupereka ganizo lina pomwepo: ndalama ya thumba isakhale mphatso kwa eni mashopu koma ngongole, ibwezedwe kuchokera pa mayunitsi, ndipo yobwezedwayo ipite ku shedi isanapite kwina kulikonse. Anaonjeza kuti mapanelo 10 amafuna malo okwana pafupifupi masikweya mita 26, ndipo m'malo mowaika pansi tiwakweze pa nsanamira zazitali kuti pansi pake pakhale mthunzi wa ogulitsa angapo. Mthunziwo si shedi, ndipo iwo eni anavomereza zimenezo.

Komiti inavota. Asanu ndi atatu anavomera, awiri anakana, mmodzi sanakweze dzanja. Zimene anavomera ndi izi: thumba lilipire kachipinda ka mabatire, nsanamira, mapolo, mawaya ndi mamita ngati ngongole, mapanelo, inveta ndi mabatire tipemphe kudzera ku ADC kuti zilowe mu CDF, ndipo eni mafiliji ndi mavidiyo sho apereke chikole chokulirapo polumikiza, pa K100 iliyonse yolowa, K40 ipite ku akaunti ya batire ndi inveta, K25 kwa mlonda ndi woyang'anira, K15 ku zokonzakonza, K20 kubweza thumba. Akaunti ya batire ikhale ya osayina atatu, mmodzi wa iwo akhale mayi wogulitsa pansi.

Sabata yoyamba ya Juni

Tayeza msika ndi chingwe. Kuchokera pa shopu yoyamba kufika pa vidiyo sho yomaliza ndi mamita 300. Malo amene komiti inkafuna kumangapo kachipinda ali kumapeto, pafupi ndi nyumba ya mlonda. Tawakana malowo, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchilemba.

Waya aliyense amadya mavoliti ena panjira, ndipo moto umapita n'kubwerera, choncho mamita 300 ndi mamita 600 a waya. Waya wa aluminiyamu wa mamilimita 16 atanyamula maampu 10 pa mtunda umenewu amataya mavoliti 11 kapena 12, pafupifupi 5 pa 100 iliyonse, pamalire penipeni pa zovomerezeka. Wina anati tigule waya wa kopa wa 2.5 wa m'nyumba uja chifukwa ndi wotchipa. Ameneyo angataye mavoliti 44, ndipo shopu yakumapeto ingalandire 186. Babu silidandaula ndi zimenezo, koma filiji imadandaula. Kompuresa, injini ya filiji, ikamayamba imakoka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa mmene imakokera ikamayenda, ndipo ikapeza mavoliti ochepa imang'ung'udza, kumveka kuti "tcha", n'kuleka, n'kuyesanso pakapita mphindi zingapo. Ikachita zimenezi kwa masabata imapsa, ndipo mwini wake adzati masola amaotcha mafiliji.

Tasankha malo a pakati, kuseri kwa mabucha. Mzere ugawike pawiri, mamita 150 mbali iliyonse, ndipo mbali iliyonse inyamule theka la katundu. Mtunda watsika ndi theka, maampu atsika ndi theka, kutaya kwatsika kanayi. Mlonda ndiye asamuke, osati mabatire. Pali mtengo wa bulugamu kumpoto kwa malowa umene uyenera kudulidwa nthambi, chifukwa mapanelo ayang'ana kumpoto, atapendekeka madigiri pafupifupi 15, ndipo mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto motsika. Mthunzi wa nthambi imodzi pa panelo limodzi umatsitsa mzere wonse umene panelolo lalumikizidwako. A Gulupu avomera za malowo, koma popeza msika uli pansi pa khonsolo, a Mlembi alemba kalata yopempha chilolezo cholembedwa.

Sabata yachitatu ya Juni

Makotesheni atatu afika. Mayina a makampani sitiwalemba muno. Mu onse atatu, mabatire akutenga pafupifupi magawo 4 mwa 10 a mtengo wonse.

Yotsika mtengo kwambiri ili ndi mavuto atatu. Yalemba "mabatire a lithiyamu" popanda dzina la wopanga, popanda mayunitsi, popanda zaka za waranti. Yalemba kuti mapanelo onse 10 alumikizidwe mzere umodzi. Panelo la mawati 550 likakhala losasenza katundu limatulutsa mavoliti pafupifupi 50, khumi ndi 500, ndipo inveta imene alemba malire ake ndi 500 yomweyo. Chimene sanaganizire n'chakuti panelo likazizira mavoliti ake amakwera. M'mawa wa Julayi kuno ku Dedza, dzuwa likangotuluka mapanelo ali ozizira, mzerewo udzadutsa malire, ndipo inveta ikapsa motero waranti sigwira. Tikufuna mizere iwiri ya mapanelo asanu, ndi inveta yolandira mizere iwiriyo. Chachitatu, mulibe chotetezera ku mphenzi ngakhale ndodo za efi, zokhomedwa pansi kuti zitayire moto m'nthaka. Waya wa mamita 300 wopachikidwa pa mapolo pamalo okwera ngati ano amatola mphamvu ya mphenzi ngakhale yagwa patali, ndipo imathera mu inveta. Tikufuna zotetezera mbali ya mapanelo ndi mbali ya mashopu, ndodo za efi pa kachipinda ndi kumapeto kwa mzere uliwonse.

Mamembala ena akufunabe yotchipayo. A Tcheyamani awauza kuti aibwezere kwa eni ake ndi mafunso athu, ayankhe molemba, kenako tiyerekeze. Onse atatu tawapemphanso kuti aonetse chiphaso chawo cha ku Mera. A Mlembi alemberanso Mera kufotokoza kukula kwa makina athu ndi kuti tizigulitsa mayunitsi, kuti atiuze zoyenera kulembetsa tisanagule kanthu.

Sabata yoyamba ya Julayi

Nkhani ya malire pa shopu iliyonse. Lonjezo la pakamwa lakuti palibe adzalumikize simbi silikwanira, makamaka kuzizira kuno. Shopu wamba idzakhala ndi bureka, swichi yodzithimitsa yokha moto ukapitirira muyezo, ya maampu 2, imene ikulola mawati 460. Simbi ya mawati 1,000 imakoka maampu oposa 4, ndipo bureka idzagwa pakapita kanthawi kochepa, shopu yokhayo n'kuthima, ena osadziwa n'komwe. Mashopu a mafiliji adzakhala ndi ya maampu 6 ya mtundu wa C, imene imapirira kukoka kwa kompuresa poyamba. Mabureka onse akhale m'bokosi lokhoma pa polo, osati m'kati mwa shopu, apo ayi sabata yoyamba yomwe wina adzadumphitsa ndi kawaya. Woyang'anira aziwerenga mita yaikulu ya mu kachipinda Loweruka lililonse n'kuyerekeza ndi mamita onse a m'mashopu ataphatikizidwa, pamodzi ndi mababu achitetezo. Kusiyana kukaposa 10 pa 100, pali wina walumikiza mobisa kapena mita ina yafa.

Eni mafiliji avomera kuti tiike mawotchi ozimitsa mafiliji kuyambira 10 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa. Filiji yabokosi yodzaza bwino, yosatsegulidwa, imasunga kuzizira usiku wonse, ndipo imadzabweza masana pamene mapanelo ali ndi moto wotsala. Tikuyembekeza kuti izi zichotsa yunitsi imodzi kapena kuposerapo pa katundu wa usiku. A bucha afunsa za nyama, ndipo tagwirizana kuti yawo tiiyese kaye ndi choyezera kuzizira kwa masiku atatu tisanaiike pa wotchi.

Patsala vuto limodzi pa masamu a K37 aja, ndipo a Msungichuma ndi amene aliona. Mabatire amagulidwa kunja, pamene ife tikusunga makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo ndalama yosungidwa pa mtengo wa lero siingadzagule batire la zaka 8 zikubwerazo. Komiti yagwirizana kuti miyezi 6 iliyonse tizitenga kotesheni yatsopano ya batire limodzi n'kukonza mtengo wa yunitsi potengera imeneyo, ndipo lamuloli lilembedwe mu pangano limene aliyense asayine asanalumikizidwe, kuti kukwera kusadzakhale nkhani ya mkangano. Tikuganizanso kuti akaunti ikakwana mtengo wa batire limodzi tizigula n'kuliphatikiza m'malo mosunga ndalama, koma izi zidalira ngati wopanga amalola kuphatikiza latsopano ndi akale, ndipo funsoli taliika m'kalata ya kwa ogulitsa.

Sabata yachitatu ya Julayi

Njerwa 3,000 za kachipinda zafika, maziko akumbidwa, mamita atatu mbali zonse. Mawindo awiri a mpweya akhale m'mwamba moyang'anana, otchingidwa ndi sefa kuti makoswe ndi mavu asalowe, chitseko chachitsulo, pansi pokwera kuti madzi a mvula ochokera kwa mabucha asalowe. Mapolo 12 onyikidwa m'mankhwala a chiswe tawaitanitsa. Olembetsa akwera kufika 27, ndipo mmodzi mwa atsopanowo akufuna filiji yachinayi. Tamulemba pa mndandanda wodikira mpaka tidzaone mmene batire likutsikira m'miyezi itatu yoyamba.

ADC ikumana Lachisanu la sabata yamawa. A Tcheyamani apita ndi pepala la kalembera, makotesheni awiri amene ayankha mafunso athu, ndi maminitsi a komiti osonyeza magawo a K100 aja. Kalata ya khonsolo ndi yankho la Mera sizinafike, ndipo waya sitigula mpaka zitafika.